Ndiwo za mlungu wonse zikonzedwe musanapite ku msika

Amayi ambiri amene ndimawaphunzitsa za kadyedwe ka pabanja amadziwa bwino mtengo wa thumba la chimanga la makilogalamu 50, koma ndikawafunsa kuti ndiwo zawadyera ndalama zingati mwezi wathawu, yankho limasowa. Apa ndi pamene ndalama zimathera. Ufa umagulidwa kamodzi ndipo aliyense amauona. Ndiwo zimagulidwa pang'onopang'ono, kamulu ka tomato m'mawa, kambale ka usipa madzulo, mafuta oyeza a pa okala, ndipo palibe amawerengera.

Poyambira ndi kuwerenga miphika. Banja lodya nsima masana ndi madzulo limafuna ndiwo ka 14 pa mlungu. Lembani malo 14 amenewa papepala musanagwire ndalama. Tiyerekeze banja la anthu asanu ndi mmodzi, lopanda filiji, limene limapita ku msika Loweruka. Nyemba zitenge malo anayi, usipa kapena bonya atatu, nyama ya soya awiri, mazira amodzi, nyama kapena nsomba yaiwisi amodzi, ndipo atatu otsalawo akhale a masamba otendera. Pambali pa zonsezi pakhale masamba pang'ono. Mukatero mwakhudza kale ambiri mwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene a zaumoyo amatilangiza, chotsala ndi chipatso cha nyengo yake, kaya mango, nthochi kapena papaya.

Chimene chimavuta anthu ambiri ndi ndondomeko ya masiku, ndipo ndikufuna tichimvetse. Ndiwo zidyedwe motsatira kufulumira kwake kuonongeka. Nyama kapena nsomba yaiwisi iphikidwe Loweruka lomwelo. Bonongwe, nkhwani ndi chisoso zimafota msanga, choncho ndi za Lamulungu ndi Lolemba. Mpiru ndi repu zimapirirako ngati mwazikulunga m'nsalu yonyowa n'kuziika pamthunzi. Kabichi amatha kufika Lachisanu. Kumapeto kwa mlungu kukhale kwa zouma: nyemba, usipa, soya ndi mfutso. Tomato musagule wakupsa yekhayekha. Sankhani wofiira wa masiku awiri oyamba, wina wongoyamba kupsa, wina wobiriwirako, kuti azipsa motsatana. Mukaona kuti Lachitatu mukutaya masamba achikasu kapena tomato wophulika, dziwani kuti vuto si wogulitsa, koma munagula zambiri za mtundu umodzi.

Nyemba zimaoneka zotchipa pamsika, koma zimadya makala. Zivikeni m'madzi usiku wonse, nthawi yophika imachepa kwambiri. Phikani za masana ndi madzulo mumphika umodzi, ndipo za madzulozo muziwiritsenso mpaka zitabwadamuka musanadye. Kusunga nyemba zophika mpaka mawa popanda filiji, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, sindimalangiza. Zikayamba thovu kapena kafungo kosasa, zitayeni.

Pa mafuta ophikira pamafunika muyeso. Supuni yaikulu imalowa mamililita 15, kotero lita imodzi ili ndi masupuni pafupifupi 66. Banja lathu lija likamathira masupuni atatu pa chakudya chilichonse, pa mlungu ndi masupuni 42, kutanthauza kuti lita ikwana masiku khumi ndi limodzi. Wothira kuchokera m'botolo osayeza amatha kuimaliza mlungu usanathe. Masiku a masamba otendera mafuta safunika n'komwe, nsinjiro imakwanira, ndipo imapatsa ana zomanga thupi.

Ndikudziwa kuti si onse amalandira ndalama pamwezi. Wa ganyu kapena wa geni amapeza za tsikulo, ndipo kumuuza kuti agule zambiri pakamodzi n'kosathandiza. Kwa otere, njira ndi kusonkherana. Mabanja atatu oyandikana atha kugula chidebe cha usipa kapena botolo lalikulu la mafuta n'kugawana. Kuti mudziwe ngati mukupindula, yesani kamodzi: werengani timiyeso ta pa okala tingati timadzaza botolo la lita, muchulukitse ndi mtengo wake, muyerekeze ndi mtengo wa botolo lathunthu.

Pepala lija lisakumangeni manja mukafika pamsika. Malo a masamba ndi a masamba, osati a repu yekha. Mukapeza kuti repu wakwera koma kholowa wadzadza, sinthani. Nthawi ya dzinja tomato amakwera mtengo pamene nkhwani ndi bonongwe zimapezeka paliponse, ndiye ino ndiyo nyengo yochulutsa zotendera ndi kufutsa masamba a m'chilimwe. Ndalama ya ndiwo za mlungu muiike payokha, ndipo yotsala Lachisanu ipite ku nyemba kapena mtedza, zimene zimatsika mtengo nthawi yokolola, kuyambira Epulo mpaka Juni.