Dzina lalakwika patikiti ya ndege, mutani?

Ife ogulitsa matikiti a ndege sitifunsa dzina lomwe anthu amakutchulani kumudzi kapena lomwe lili pa setifiketi ya sukulu ayi. Timafuna lomwe lili mupasipoti, chilembo ndi chilembo. Tsegulani tsamba lomwe pali chithunzi chanu lija, pansi penipeni pali mizere iwiri yodzadza ndi tizizindikiro ta <<<, mizere imeneyo ndi yomwe makina a pa Chileka amawerenga, ndiye tikiti yanu ikuyenera kufanana ndi zapamenepo basi.

Kwathu kuchigwa kuno vutoli limachuluka chifukwa maina athu amalembeka pawiri. L ndi R timazisinthanitsa osadziwa nkomwe, maina ena achisena tsidya la Mozambiki amawalemba ndi NH pomwe ife timalemba NY, komanso nthawi zambiri wogula tikiti simwini wake, ndi mwana yemwe ali ku Joni akulemba dzina la mayi ake zapamtima.

Tiyerekeze mayi ena a ku Bangula, pasipoti yawo pansi paja yalembedwa ALUFANDIKA<<GLORIA. Mwana wawo wagula tikiti yochokera Blantyre kupita ku Johannesburg koma walemba ALFANDIKA/GROLIA. Mukawerenga mofuula zikumveka bwinobwino, nchifukwa chake palibe amazindikira msanga. Koma U wasowa, L ndi R zasinthana malo, zonse pamodzi zilembo zitatu. Makampani ambiri a ndege amalola kukonza zilembo zochepa ngati izi, kawirikawiri mpaka zitatu, ena ulele ena ndi kandalama, kupitirira apo amafuna kuona kaye umboni kuti munthuyo ndi yemweyo. Chomwe salola nkuchotsa Gloria nkuikapo mng'ono wake. Kumeneko sikukonza sipelo, nkupatsa tikiti munthu wina, ndipo pafupifupi kampani iliyonse yomwe imatera kuno ikuuzani kuti gulani ina.

Ndiye mwanayo atani? Choyamba ayang'ane tsiku. Ngati tikitiyo yatuluka lero lomwe kudzera kwa ejenti, aimbe foni pompano, chifukwa ejenti amatha kuifafaniza tsiku lomwelo pakati pausiku pasanakwane ngati kuti sinagulidwe nkomwe, kenako nkutulutsa ina yolondola. Kukacha mwayi umenewo wapita. Anthu amati aaa ulendo udakali kutali, mwezi wamawa, tikonzabe, apa mpomwe ndalama zimatayikira.

Tsiku lija likadutsa mubwerere komwe munagula. Ngati munagula kwa ejenti wokonza ndi ejentiyo, mukaimbira kampani ya ndege nthawi zambiri angokubwezani kwa iye, ndipo sinkhanza ayi, bukingiyo ili m'manja mwake. Ngati munagula nokha pa webusayiti ya kampani, pitani kukampaniko. Mutumize chithunzi chooneka bwino cha tsamba la pasipoti lija ndi nambala ya bukingi, ya zilembo ndi manambala 6 ija. Akakonza dzina amatulutsanso tikiti ina, ndiye musakhutire ndi kameseji kapa watsapu koti zatheka bwana. Funsani risiti yatsopano, muone kuti dzina lasinthadi ndipo nambala ya tikiti ya manambala 13 ija ndi ina. Zimachitika kuti dzina lakonzedwa mubukingi koma tikiti ikadali ndi lakale, munthu nkudzatulukira ali pakauntala chikwama chili pasikelo. Komanso musathamangire kupanga cheki-ini pafoni dzina lisanakonzedwe, mungowonjezera ntchito.

Pomwe pamavuta kwambiri mpomwe tikiti imodzi ili ndi makampani awiri, mwachitsanzo mwanyamuka ndi Ethiopian Airlines mpaka ku Addis Ababa kenako nkukwera ya kampani ina. Dzina limayenera kusintha mumakompyuta a onse awiri, ndipo wachiwiriyo akapanda kulilandira mpando wanu kumeneko utha kufufutika. Apa ejenti nthawi zina amachita kupanga bukingi yatsopano, ndipo mtengo wotchipa uja ukakhala unatha mumalipira kusiyana kwake. Ichi nchifukwa chake ndimati zokonza zichitike sabata yomweyo, osati dzulo lake la ulendo mukukwera kale mapiri a Thabwa.

Zina anthu amada nazo nkhawa pachabe. Mukaona GLORIAMRS atalumikiza, kapena maina awiri aphatikana opanda mpata, nkalembedwe ka makina chabe. A Ng'oma tikiti yawo ilembedwa NGOMA chifukwa kachizindikiro kaja makina sakalandira, ndipo pansi pa pasipoti paja sikamaonekanso. Koma amayi okwatiwa chonde, ngati pasipoti ili ndi dzina la bambo anu okuberekani, tikiti ilembedwe lomwelo ngakhale Nchalo yonse imakudziwani ndi dzina la amuna anu. Viza nayonso muione, dzina lake lifanane ndi la mupasipoti.