Dzanja lagwa mutagonera mkono: zomwe zili mkati mwa nevu

Bambo wina anabwera kwathu ku fizo Lolemba m'mawa dzanja lamanja lili lende, sakutha kulidzutsa pa mfundo olo kuwongola zala, achibale atagamula kale kuti ndi sitiroko. Titafunsa bwinobwino zinapezeka kuti Loweruka anamwako, nkugona pampando mkono atawukoloweka pa choyedzamira mpaka kucha. Ubongo unalibe vuto. Chomwe chinapanikizika ndi nevu yotchedwa rediyo yomwe imazungulira fupa lakumtunda kwa mkono. Ndikuti nevu dala, chifukwa ndikati mtsempha ena aganiza wamagazi.

Nevu ili ngati mtolo wa timitolo. Mkatikati mwenimweni muli akisoni, kaulusi kotuluka mu selo imodzi, selo yakeyo ili kumsana koma kaulusi kamatha kufika kuchala chakuphazi, kutalika mita yathunthu. Akisoni iliyonse yazunguliridwa ndi kamnofu kofewa, endonyuriyamu. Ma akisoni ambirimbiri amamangidwa kamtolo kamodzi ndi perinyuriyamu, kachikopa kopyapyala koma kothina, maselo ake anagwirana moti zinthu za m'magazi sizingolowa chisawawa. Timitolo tonse pamodzi ndi mafuta ndi timitsempha tamagazi todyetsa nevuyo takutidwa ndi epinyuriyamu, ndipo ichi ndi chomwe dokotala wa opaleshoni amaona, chingwe choyera, komanso ndi pomwe amabaya singano akamalumikiza nevu yoduka.

Tsopano mayelini, chokuta cha akisoni. Ambiri amaiyesa mafuta ongopakidwa pamwamba, ayi ndithu, ndi khungu la selo yamoyo yotchedwa selo ya Schwann. Mwana akadali m'mimba maselowa amatsata ma akisoni nkuyamba kuwasankha. Akisoni yonenepa kupitirira mayikiromita imodzi, ndiye kuti milimita yogawidwa ka 1000, imakhala ndi puloteni yambiri yotchedwa nyuregulini pakhungu pake ndipo ndi imeneyi imauza selo ya Schwann kuti yamba kukulunga. Selo ija imakumbatira akisoniyo, milomo yake iwiri nkukumana, kenako mlomo wamkati umalowa pansi pa unzake nkumazungulirabe ngati mukukulunga bandeji koma kuchokera mkati, mwina mpaka ka 100 pa ma akisoni akuluakulu. Ikamathina madzi a mkati mwa selo amafinyidwira m'mbali, nkutsala zikopa zokhazokha zosanjikizana, zochuluka mafuta, nchifukwa chake nevu imaoneka yoyera.

Selo imodzi imakuta kachigawo kamodzi basi, pafupifupi milimita imodzi, kenako pali kampata kosakutidwa kotchedwa mfundo ya Ranvier, kenako selo ina. Uthenga wamagetsi umalumpha kuchoka pa kampata kupita pa kena mmalo mokwawa, ndiye umatha kuthamanga mamita 100 pa sekondi olo kuposerapo. Ma akisoni ang'onoang'ono sakulungidwa, angapo amangobisala m'mapindo a selo ya Schwann imodzi, amenewa amayenda mita imodzi kapena awiri pa sekondi. Mukapunthwa chala pamwala mumayamba kumva kubaya, kuwawa kophwanya kuja kumafika mochedwerapo, ndi mitundu iwiri ya ulusi imeneyo.

Kwa bambo aja chomwe chinafinyika ndi mayelini pamalo amodzi, akisoni ili bwino, zikopa zitatu zija zili bwino. Uthenga umafika pamenepo nkuima. Maselo a Schwann amakulunganso, ndiye tinawaveka chogwiriziza dzanja kuti mfundo isaume, kumawongola zala tsiku ndi tsiku, ndipo pasanathe miyezi iwiri anali akudzutsa dzanja okha.

Akisoni ikaduka nkhani imatalika. Mbali yakumunsi imafa nkuphwanyika, maselo a Schwann amathandiza kusesa mayelini yakufayo kenako amandanda mkati mwa kapaipi ka endonyuriyamu kudikira. Akisoni imaphuka kuchokera kumtunda pafupifupi milimita imodzi patsiku, ndiye mukavulala pachigongono ndipo mpaka kudzanja ndi masentimita 30, werengani miyezi ngati 10. Timatsata pogogoda ndi chala m'mene mukudutsa nevuyo, pomwe wodwala akumva kuti nyeee ngati shoko ndi pomwe nsonga yafika, mwezi wamawa pakuyenera kukhala patsika. Pakangokhala pomwepomwepo miyezi ikupita ndiye kuti nsonga yasowa njira. Koma ngati chikwanje kapena galasi ladula mpaka epinyuriyamu musadikire konse, tipaipi tasiyana, ma akisoni amangophuka mosokonekera nkupanga kachotupa kowawa kwambiri mukakakhudza, nevu yoduka choteroyo imafuna kusokedwa msanga, ndipo olo isokedwe bwino maka si ulusi wonse umapeza kapaipi kake kakale, wina wopita kumnofu umakathera kukhungu, nchifukwa chake mphamvu ndi kumva sizibwerera zonse.