Cholinga cha pa atachimenti chikhale choti munthu n'kuchiyeza

Fomu ya ku yunivesite ikafunsa zomwe wophunzira akufuna kukaphunzira pa atachimenti, ambiri amangolemba kuti "kudziwa za akaunti" kapena "kumvetsa kayendetsedwe ka ofesi". Vuto lake n'lakuti kumvetsa sikuoneka ndi maso. Mphunzitsi akabwera kudzayendera n'kunena kuti "tandionetsani", palibe chomuonetsa.

Titenge wophunzira za akaunti amene wapita ku kampani kwa milungu 12. Cholinga chake chingamveke motere: "Pofika mlungu wa 10, ndidzayanjanitsa ndekha keshibuku, buku la ndalama zolowa ndi zotuluka, ndi sitetimenti ya ku banki ya mwezi umodzi, ndi kufotokoza kusiyana kulikonse, wondiyang'anira osakonza malo opitirira awiri." Muli ntchito yooneka, muyeso wake, tsiku lake, ndi munthu wotsimikizira. Chimodzi chikasowa, fomuyo ndi yongodzazira malo.

Mlungu wa 10 sitinangoutola. Ntchito imeneyi imachitika mwezi ukatha, ndipo m'milungu 12 mwezi umatha kawiri kapena katatu basi. Choncho tsegulani kalendala musanalembe tsiku. Milungu yoyambirira wophunzira ayeserere pa mafayilo a miyezi yakale. Mwezi woyamba ukatha, agwire limodzi ndi womuyang'anira, aone mmene amapezera malipiro omwe adalembedwa m'buku koma ku banki sanaoneke, ndalama zomwe banki yadula koma m'buku mulibe, ndi manambala otembenuzidwa, monga 540 m'malo mwa 450. Mwezi wachiwiri ukatha agwire yekha. Zikavuta, patsala milungu iwiri yobwereza. Wolemba mlungu wa 12 alibe mpata umenewo.

Ena akauzidwa kuti aike nambala amalemba kuti "kulowetsa malisiti 200 mu kompyuta". Nambala ilipodi, koma ikuwerenga thukuta, osati luso. Munthu atha kulowetsa 200 onsewo molakwika. Ndi bwino kunena kuti woyang'anira akatola malisiti 20 mwachisawawa, asapezepo olakwika opitirira limodzi.

Nkhani ya umboni ndiyo imaiwalika kawirikawiri. Masitetimenti a ku banki ndi achinsinsi, ndipo kampani singalole kuti aikidwe mu lipoti lopita ku sukulu. Gwirizanani poyamba pomwe kuti woyang'anira azilemba mu logibuku tsiku, ntchito yomwe yachitika ndi malo angati omwe wakonza, kenako asaine. Zosainitsa logibuku yonse tsiku lomaliza zimaonekeratu: cholembera chimodzi, mawu amodzimodzi tsamba lililonse.

Zolinga zolembedwa wophunzira ali kunyumba zimafunika kuziunikanso mlungu woyamba, ali pansi ndi womuyang'anira. Maofesi ena salola wa atachimenti kukhudza za ku banki. Zikatero, sinthani cholingacho chikhale cha kabokosi ka ndalama zogulira tinthu ting'onoting'ono ta mu ofesi: kuwerenga zotsala, kuphatikiza malisiti, n'kuona ngati zikukwana ndalama zomwe zidaikidwamo. Kusinthako kulembedwe, ndipo ku yunivesite akudziwe mlungu womwewo.