Zala m'makutu: mmene Chiarabu chimayankhulira mu ndime zinayi za Baqara

Ndakhala ndikuphunzitsa Chiarabu kwa zaka ndithu ndipo pali funso limodzi lomwe ndimakonda kuwafunsa ophunzira tikafika pa balagha, phunziro la luso la kayankhulidwe. Ndimawauza kuti aliyense alowetse chala chake m'khutu. Amaseka kaye, kenako amapanga, ndiye ndimafunsa kuti chalowa chonse? Iyayi, yalowa ndi nsonga yokha basi. Nanga bwanji Kurani mu Sura Baqara ndime 19 ikunena kuti akuika zala zawo m'makutu, osati nsonga za zala? Kalasi imati zii. Ana ambiri a kumadarasa ku Mangochi, ku Machinga, ku Nkhotakota ndime zimenezi anaziloweza kalekale pamtima koma sanaimepo n'kuona zomwe mawuwo akupanga.

Tiyeni titenge ndime 16 mpaka 19. Zikukamba za amunafiki a ku Madina, anthu achiphamaso aja omwe pakamwa ankati takhulupirira koma mumtima muli zina.

Ndime 16 ikuti: ishtarawu dhalalata bil huda fama rabihat tijaratuhum. M'Chichewa tingati, anagula kusokera polipira chiongoko, ndiye malonda awo sanapindule. Taganizani kaye. Kodi panali msika? Panali ndalama? Kusokera sikugulitsidwa pa benchi ngati tomato. Chomwe anachita anthuwa n'kusankha, anasiya ichi n'kutenga icho. Koma mawu oti kusankha sanatchulidwe n'komwe, m'malo mwake pabwera mawu oti kugula, chifukwa ziwirizi n'zofanana, konseko munthu amataya china kuti apeze china. Izi Aarabu amazitcha isitiara, ndipo tanthauzo la dzinalo n'kubwereka. Wabwereka mawu a kumsika n'kuwagwiritsa ntchito pa nkhani ya mtima, monga mmene umabwerekera jekete la mnzako popita ku ukwati. Timadziwa bwanji kuti mawuwo ndi obwereka? Pamakhala chizindikiro chomwe amachitcha karina, apa karina yake ndi kusokera komweko, poti palibe angakugule ndi ndalama zenizeni. Kaliwu kakang'ono ka bi komwe kali pa bil huda nakonso kali ndi ntchito, pa nkhani yogula kamakhala pa chinthu chomwe wapereka, ndiye chiongoko ndi chomwe chinatuluka m'thumba mwawo.

Chomwe chimandisangalatsa ine n'choti ndimeyi siyinasiyire pomwepo. Itanena za kugula yapitiriza kuyankhula chimsikamsika, malonda, phindu, ngati kuti kugula kuja kunali kwenikweni. Akatswiri amati isitiara yotere ndi murashaha, yolimbikitsidwa, ndipo amaiona kuti ndi yamphamvu kwambiri chifukwa womvera amaiwala kuti pali kuyerekeza kulikonse, amangoona munthu wa geni yemwe walowetsa mpamba wake wonse n'kubwera chimanjamanja.

Ndime 17 yasintha njira: mathaluhum kamathali ladhi stawqada naran. Fanizo lawo lili ngati fanizo la munthu yemwe anakoleza moto. Apa palibe chobisika, kaliwu ka ka komwe kali kumayambiriro kwa kamathali ndi liwu lathu lomweli loti ngati. Ichi ndi chifanifani, pa Chiarabu tashibihi. Tashibihi yokwanira imakhala ndi zinthu zinayi, chomwe ukuchiyerekeza, chomwe ukuyerekeza nacho, kaliwu kolumikiza, ndi pomwe ziwirizo zikufanana. Ukati mwana uyu ndi wakuda ngati khala zonse zinayi zilipo.

Koma apa ndi pomwe ophunzira ambiri amagwa. Amayamba kugawa fanizoli zidutswazidutswa, munthuyo ndi munafiki, moto ndi chakuti, nkhuni ndi chakuti, mpaka kufunsa kuti utsi ukuimira chani. Sizitero ayi. Iyi ndi tashibihi ya tamthili, yomwe imayerekeza nkhani yonse ndi nkhani yonse. Munthu ali kutchire usiku, wavutika kukoleza moto, wayaka, waona pomuzungulira, kenako mwadzidzidzi kuwala kwachoka. Aliyense amene magetsi anamuthimirapo ali pakati pakudya akudziwa kuti mdima wa nthawi imeneyo umaposa wa munthu yemwe anali kale mumdima, maso amakhala atazolowera kuwala ndiye suona ngakhale mbale yomwe ili patsogolo pako. Kufanana kwake kuli pamenepo, kupeza kuwala kwa kanthawi kochepa n'kukutaya pa nthawi yomwe umakufuna kwambiri. Abdul Qahir al-Jurjani, yemwe anamwalira cha m'ma 1078, anakhalitsa pa mtundu umenewu m'buku lake la Asrar al-Balagha, kuonetsa kuti kufananaku sumakutola pa liwu limodzi koma pa chithunzi chonse chikaphatikizidwa.

Ndiye taonani kasankhidwe ka mawu. Chomwe anakoleza ndi nar, moto. Koma chomwe chinachotsedwa ndime ikuti dhahaba Allahu binurihim, Mulungu anachotsa nur yawo, kuwala. Nar ndi nur, mawu oyandikana kwambiri pakamvekedwe. Moto uli ndi zinthu ziwiri, kuwala ndi kutentha, ndiye ofotokoza ena amati kuwala kokha n'komwe kwatengedwa, chowotchacho chatsala nawo. Komanso nur yabwera ngati chinthu chimodzi pomwe mdima wabwera mochulukitsa, dhulumat, midima. Ine pamenepa ndimaima nthawi zonse, moti nthawi zina belu limalira tisanachokepo.

Ndime 18 ndi yaifupi koma ndi yomwe imabweretsa mkangano: summun bukmun umyun. Ogontha, osayankhula, akhungu. Liwu loti ngati palibepo, kaliwu ka ka palibepo. Ndikafunsa kuti ichi n'chani pafupifupi kalasi yonse imayankha kuti isitiara, poti aphunzira kuti liwu loti ngati likasowa ndiye kuti si chifanifani. Apa ndi pomwe kagawidwe ka Chiarabu kamasiyana ndi ka kusukulu komwe ambirife tinazolowera. Kwa Aarabu funso lalikulu si loti kodi liwu loti ngati lilipo kapena palibe, funso ndi loti mbali ziwiri zija zonse zatchulidwa? Ukati bambo ujeni ndi fisi, bamboyo wamutchula, fisi wamutchula, mbali zonse zilipo, ndiye ikadali tashibihi ngakhale liwu loti ngati lachoka, amaitcha tashibihi baligh. Koma ukati fisi uja wabweranso kudzafunsa za ngongole, bamboyo sunamutchule, fisi watenga malo ake, imeneyo ndiyo isitiara.

Mwina wina anena kuti komatu pa summun bukmun amunafikiwo sanatchulidwe. Zoona, liwu loti hum, iwo, silikuoneka. Koma Zamakhshari, yemwe anamwalira mu 1144, anafunsa funso lomweli m'buku lake lotanthauzira Kurani la al-Kashshaf ndipo anati nkhaniyi akatswiri amasiyana, koma ozama amaitcha tashibihi baligh, chifukwa mawu atatuwa akunena za mwininkhani yemwe galamala ikumufuna, ndipo liwu lomwe langosiyidwa motero limawerengedwa ngati lanenedwa. Chiganizocho ndi choti iwo ndi ogontha. Ine ndimagwirizana naye, ndipo njira yomwe ndimawapatsa ophunzira ndi yophweka, bwezeretsani mawu onse omwe galamala ikufuna, mukatero muwerenge mbali. Zikapezeka ziwiri ndi tashibihi, ikapezeka imodzi ndi isitiara.

Tsopano tibwerere ku zala zija. Ndime 19 yayamba ndi chifanifani china, aw kasayyibin minas sama, kapena ngati chimvula chochokera kumwamba momwe muli midima, mabingu ndi mphezi. Ndiye ikuti yaj'aluna asabi'ahum fi adhanihim, akuika zala zawo m'makutu mwawo chifukwa cha ziphaliwali, kuopa imfa. Chiarabu chili nalo liwu la nsonga za zala, anamil, ndipo Kurani yomweyo yaligwiritsa ntchito mu Sura Al Imran ndime 119 pokamba za anthu oluma nsonga za zala chifukwa cha ukali. Ndiye sikuti liwu linasowa. Latchulidwa dala dzina la chinthu chonse pomwe akutanthauza kachidutswa kake.

Kodi iyi ndi isitiara? Ayi, ndipo chifukwa chake n'chofunika kuchigwira. Pa kugula kuja, kugula ndi kusankha zimafanana. Koma chala sichifanana ndi nsonga yake, nsongayo ndi gawo la chalacho basi. Mawu akasamuka pa tanthauzo lake chifukwa cha ubale wina womwe si kufanana, Aarabu amati majazi mursali. Ifenso timachita tsiku lililonse osazindikira. Ndadya mbale ziwiri, palibe anatafunapo mbale, watchula chotengera kutanthauza nsima. Mudzi wonse wapita kumaliro, nyumba zili pomwepo, apita ndi anthu. Ubale wake umasiyanasiyana, chotengera ndi zam'kati, malo ndi anthu ake, chonse ndi gawo lake, ndipo pa mayeso sikokwanira kulemba kuti majazi mursali, uyenera kutchula ubalewo. Pa zala apa amautcha kulliya, kutchula chonse.

Koma kutchula dzina ndi theka chabe la ntchito, ndipo ndimakhumudwa ndikaona pepala lomwe mwana walemba maina onse molondola koma sananene chifukwa chomwe mawuwo anasankhidwira. Tayesani kusintha, akuika nsonga za zala m'makutu. Chikumveka ngati munthu amene wangonyansidwa ndi phokoso la chigayo. Koma zala, ukumuona munthu akukankha ndi mphamvu zake zonse, akufuna chala chonse chilowe kuti asamve kalikonse, mantha amukwana mpaka nzeru zathawa, poti chala sichingamuteteze ku mphezi.

Pali chinthu china choyandikana ndi majazi mursali chomwe anthu amachisokoneza nacho, kinaya, ndipo mabuku ena omasulira amazipatsa dzina limodzi zomwe zimangowonjezera chisokonezo. Chitsanzo chomwe aphunzitsi a balagha amachikonda ndi kathirur ramad, munthu wa phulusa lambiri. Phulusa lambiri ndiye kuti amakoleza moto kwambiri, ndiye kuti amaphika kwambiri, ndiye kuti pakhomo pake sipatha alendo, ndiye kuti ndi wopatsa. Umayenda masitepe angapo kuti ufike. Kusiyana kwake ndi uku, pa kinaya tanthauzo lenileni la mawuwo likhoza kukhalanso loona, ukapita kuseri kwa khitchini ya munthuyo phulusalo ukhoza kulipezadi litaunjikana. Pa majazi sizingatheke, karina imatseka njira. Chala chonse sichilowa m'khutu, ndipo ophunzira anga aja amakhala atadziyesera okha.