Kodi Pulezidenti wa America Ali ndi Mphamvu Kuposa Nduna Yaikulu ya Britain?

"Poti pulezidenti wa America amasankhidwa payekha, si ndiye kuti kusintha malamulo n'kosavuta kwa iye kuposa nduna yaikulu ya Britain?"

Ayi. Werengani kuchuluka kwa anthu amene akati ayi, lamulo limafera pomwepo. Katswiri wa ndale George Tsebelis anasonyeza kuti anthu otere akachuluka, komanso maganizo awo akatalikirana, malamulo amene angasinthe amachepa.

Ku Britain, chipani cha aphungu ambiri m'nyumba ya malamulo ya Commons chikagwirizana, nkhani yatha. Kuyambira 1949, nyumba yachiwiri ya malamulo, ya Lords, imangochedwetsa mabilu ambiri pafupifupi chaka chimodzi.

Ku America bilu imafuna nyumba ziwiri za malamulo, ya Senate ndi ya Representatives, komanso pulezidenti. M'nyumba ya Senate muli maseneta 100, koma kutseka mkangano kuti avote kumafuna 60. Choncho maseneta 41 okha angaimitse bilu. Lamulo la zaumoyo la Obama linadutsa m'nyumbayi mu 2009 ndi mavoti 60 ndendende. Chipani chake chitataya mpando wa seneta wa dera la Massachusetts mu 2010, n'kutsala ndi mavoti osakwana 60, aphungu a nyumba inayo anangovomereza bilu ya Senate momwe inalili, n'kukonza zina kudzera njira ya bajeti yosafuna 60.