Napusaki ya 0/1 pa mzere umodzi: lupu iyambire kumapeto

"Tebulo ukalichepetsa kukhala mzere umodzi, lupu iyende mbali iliyonse ansala ndi yomweyo." Izi ndimazimva kwa ophunzira kompyuta muno mu Blantyre, koma ayi ndithu, sizoona. Napusaki ya 0/1 ndi funso losankha katundu wokwana m'chikwama kuti mtengo wake wonse ukhale waukulu kwambiri, ndipo tebulo ndi momwe timasunga ansala za m'njira.

Tiyerekeze muli ku msika wa Limbe, chikwama chimanyamula makilo 4 basi, ndipo pali paketi imodzi yokha ya makilo 2, mtengo wake 3. Mzere wathu ndi dp, ndipo dp[w] ndi mtengo waukulu womwe ungakwane mu makilo w. Mukayambira kumunsi dp[2] ikhala 3, ndiye pofika pa dp[4] lupu iwerenga dp[2] yomwe mwangoisintha kumene ija n'kupereka 6, paketi imodzi mwaitenga kawiri pomwe 0/1 imati tenga kamodzi kapena usiye. Lupu yolondola pa katundu aliyense iyambire kumapeto chonchi, W ndi makilo a chikwama, wt ndi kulemera kwa katundu, val ndi mtengo wake:

```
for w in range(W, wt - 1, -1):
    dp[w] = max(dp[w], dp[w - wt] + val)
```

Apa tikuyamba ndi dp[4] pamene dp[2] ikadali 0, nambala ya mzere wakale, nde ansala ndi 3. Chimandiwawa n'choti khodi yolakwikayo siionetsa vuto lililonse, imangotulutsa nambala yokulirapo, choncho iyeseni ndi katundu mmodzi kaye. Komanso mzere umodziwu ukupulumutsa memore yokha, masitepe akadali pafupifupi n × W, pomwe n ndi kuchuluka kwa katundu.