Chithokomiro chikasowa ayodini

Mayi wina wa zaka za m'ma 30 analowa m'chipinda changa choyezera odwala atakulunga kampango m'khosi, kunja kukutentha zedi. Atavula, pansi pa kholingo panaoneka chotupa chofewa, chosapweteka. Ndinawapatsa madzi m'kapu n'kuwauza kuti, "Mayi, tamezani pang'onopang'ono." Chotupa chija chinakwera, kenako n'kutsikanso. Zikatero timadziwa kuti chatupa ndi chithokomiro, chifukwa chiwalochi chinamatirira ku njira ya mpweya ndipo chimayenda nayo munthu akamameza.

Aliyense ali nacho chithokomiro, kungoti chikakhala bwino sichioneka. Ndi kachiwalo ka magalamu pafupifupi 20, kooneka ngati gulugufe wotambasula mapiko. Ntchito yake ndi kutola ayodini m'magazi n'kupanga homoni imene pa pepala la ku labotale imalembedwa kuti T4. Nambala 4 imeneyo ikuwerenga maatomu anayi a ayodini amene ali mu homoniyo. Ikafika ku chiwindi ndi ziwalo zina, atomu imodzi imachotsedwa, n'kutsala T3, yomwe ndi yamphamvu kwambiri. Imeneyi ndiyo imakhwezera moto wa m'thupi: kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima, kukula kwa mafupa ndi ubongo wa mwana. Thupi silipanga ayodini, ndipo palibe china chingalowe m'malo mwake.

Nanga bwanji chiwalo chosowa zipangizo chimakula m'malo mofota? Pansi pa ubongo pali kachiwalo kena kamene kamalondera kuchuluka kwa T4 m'magazi. Ikachepa, kamatumiza homoni yake yotchedwa TSH kukauza chithokomiro kuti chilimbikire. Chithokomiro chimamvera, maselo ake amakula n'kuchulukana kuti awakhe ngakhale kaayodini kochepa kamene kadutsa. Chaka ndi chaka uthenga ndi womwewo, ndiye khosi limayamba kutupa. Nthawi zambiri khama limeneli limathandizadi, moti munthu amagwira ntchito zake osadwala. Koma likalephera, amangomva kuzizidwa, kufooka ndi tulo, khungu limauma, m'mimba mumamangika.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine si khosi ayi, koma mwana ali m'mimba. Miyezi yoyambirira chithokomiro chake chimakhala chisanayambe ntchito, choncho ubongo wake umakula ndi T4 ya mayi ake. Ikamuperewera kwambiri pa nthawiyo, angabadwe wosamva, wosatha kulankhula, wopinimbira ndi wovutika kuphunzira, ndipo kuwonongeka kumeneko sikubwereranso. N'chifukwa chake bungwe la zaumoyo padziko lonse limati mayi woyembekezera kapena woyamwitsa afunika mamaikulogalamu 250 pa tsiku, pamene wamkulu wina aliyense afunika 150.

Ayodini wambiri ali m'nyanja zamchere. Ife tili kutali nazo, ndipo dothi la kumapiri mvula inalitsuka kalekale, motero chimanga ndi ndiwo zomera pamenepo zimakhala ndi wochepa. Usipa ndi chambo ndi zabwino, koma ndi nsomba za m'madzi opanda mchere, sizingatipatse wokwanira. Chinangwa chowawa chosaviikidwa bwino chimaonjezera vuto, poti poizoni wake akalowa m'thupi amasanduka chinthu cholimbirana khomo ndi ayodini pa chithokomiro. Amene mumadya kondowole, musamafulumire kuvuula.

Mchere anausankha kuti azithiramo ayodini chifukwa khomo lililonse limaudya tsiku ndi tsiku, pamuyeso wosasinthasintha kwambiri. Dziko la Switzerland linayamba kuthira ayodini mumchere mu 1922. Muyeso umene bungwe la zaumoyo lija linavomereza ndi mamiligalamu 20 mpaka 40 a ayodini pa kilogalamu ya mchere. Titenge 30: galamu iliyonse ya mchere ili ndi mamaikulogalamu 30, ndiye magalamu 5, kasupuni kamodzi kakang'ono kosasefukira, akukwana 150 yemwe uja. Palibe chifukwa chothirira mchere wambiri mu ndiwo n'kudziputira kuthamanga kwa magazi.

Mayi aja ndinawafunsa za mchere wawo. Anati amagula wamibulu woyezera pamulu kumsika, ndipo amausunga m'mbale yosavundikira pafupi ndi mafuwa. Mchere wopanda paketi sungaudziwe ndi maso kapena lilime. Alangizi a zaumoyo amaudonthezera madzi oyezera, ndipo ukakhala ndi ayodini umadera ngati inki. Ngakhale wabwino umataya ayodini ukakhala pachinyezi ndi potentha, choncho malo ake ndi m'botolo louma, lotseka.

Ndinawauzanso zoona zake: chotupa chatsopano, makamaka cha mwana, chimatha kuphwa ayodini akayamba kukwana, koma cha zaka zambiri chimene chachita mibulu sichitha ndi mchere. Komanso si chithokomiro chilichonse chimatupa chifukwa chosowa ayodini. Chikakhala cholimba, chikamakula msanga, mawu akasasa, kupuma kapena kumeza kukamavuta, kapena mtima ukamathamanga thupi likuwonda, pamafunika kuyeza magazi ndi kuunika khosi mosazengereza. Mayiwo ndinawalembera kuti akayezetse TSH ndi T4, chifukwa anali atandiuza kuti akufuna kutenga pakati chaka chomwecho.